Chidule cha kalasi ya lero: kukokoloka kwa nthaka

Anzanga amene munatsakamira ku Chitakale ndi mvula ija, nazi zomwe madamu aphunzitsa, ndalemba mmene ndamvera.

Ayamba ndi kutiuza kuti nthaka siyamba kuthawa ndi chigwembe ayi, imayamba ndi dontho la mvula likamenya dothi lopanda chophimba, timibulu timasweka kenako madzi amasesa kadothi kapamwamba munda onse mofanana moti mlimi sazindikira, amangoona mizu ya chimanga ili pamtunda komanso miyala ngati ikumera. Kenako timingalande toti khasu litha kufafaniza, mapeto ake chigwembe. Akuti choopsa kwambiri ndi chosaonekacho chifukwa chonde ndi feteleza yemwe zimapitira pomwepo.

Manambala awa lowezani: kafukufuku wa 1992 anapeza kuti Malawi amataya matani 20 a dothi pa hekitala pachaka, wina anapeza kuti mu 2014 anali matani 29. Kuno kwathu ndiye zinthu zitatu zakumana, mvula yambiri, malo otsetsereka ndi minda yochepa mpaka anthu kulima m'phiri la Thyolo momwe munali nkhalango. Anatikumbutsanso za Freddy mu Malichi 2023. Dothi la kuno limatsika ndi Thuchila ndi Ruo kukalowa mu Shire.

Fomula ya mayeso ndi `A = R × K × LS × C × P`. A ndi kuchuluka kwa dothi lokokoloka, R ndi mphamvu ya mvula, K kufooka kwa dothi, LS kutalika ndi kupendekeka kwa malo, C chophimba nthaka, P njira zotetezera. Apa ndi pomwe anakhalitsa, mvula sungaisinthe, mlimi ali ndi mphamvu pa C ndi P makamaka. Taonani m'munda wa tiyi wokhwima, mvula igwe bwanji dontho silifika pansi ndi mphamvu, pomwe munda wachimanga woyandikana nawo mu Disembala madzi amatuluka ofiira.

Zotetezera: kudula akalozera ndi felemu ya A, ija ya mitengo itatu ndi chingwe chomangirira mwala, chingwe chikagwera pa chizindikiro chapakati ndiye kuti miyendo yonse ili mulingo umodzi, khomani chikhomo. Mizere yonse itsatire kalozera, motalikana masentimita 75, ndipo muitseke mabokosi madzi azilowa pansi. Pa kalozerapo dzalani vetiva mothithikana, akasiyidwa mipata madzi amadutsa pampatapo ndi ukali nkuyambitsa chigwembe chomwe mumathawa. Mapesi osaotcha, phimbirani. Nandolo ndi gilisidiya anangotchula mothamanga, nthawi inali itatha.

Chigwembe akuti osayamba ndi kukwirira, yambani kumtunda komwe madzi akuchokera, kenako machekidamu a miyala kapena zikhomo mkatimo. Funso ili ine ndikuona ngati libwera ndithu, analibwereza kawiri.

Lachinayi kuli pulakitiko, gulu lililonse libwere ndi felemu yake, chikwanje ndi zikhomo. Majombo musaiwale.