Dzanja Lamanzere

Mabuku anali asanu ndi awiri, mahadikava akuda a msana wofiira, omangidwa pamodzi ndi mphira wa chubu cha njinga. Tadala anawatulutsa m'sutikesi ya malata pansi pa bedi la mayi ake ku Kawale patatsala miyezi itatu kuti amange chiliza cha bambo ake. Nkhaniyi anaiyambitsa achimwene ake a ku Joni pa foni: "Iwe si ndiwe kalaliki? Taipa zonse, tidzawerengeko tsiku la chiliza."

Ku Kapitolo, komwe ankagwira ntchito m'chipinda cha mafayilo, anamuphunzitsa kuti pepala lakale sulithamangira. Loweruka loyamba sanataipe ngakhale liwu limodzi. Analemba manambala ndi pensulo pakona ya tsamba lililonse, kenaka n'kujambula masambawo ndi foni pafupi ndi zenera, nyali ya foni atazimitsa chifukwa imawalitsa pepala n'kubisa zilembo. Chithunzi chilichonse anachipatsa dzina, kuyambira `buku1_tsamba001`. Buku lachitatu linali litalowa madzi chaka china denga litadontha, masamba ena n'kumatana. Anawamatula ndi mpeni wopanda mano, pang'onopang'ono kuchokera kumsana, koma awiri anang'ambika ndithu. Zolemba za bolopeni zinapirira chinyezi. Za inki yothira m'cholembera zinangosanduka mtambo wabuluu.

Anadziikira lamulo: kutaipa momwe palembedwera, osakonza kanthu, ndipo liwu losawerengeka kuliikira madontho atatu ndi nambala ya tsamba. Masamba anayi usiku uliwonse akaweruka. Sabata yachiwiri magetsi anathima, batire ya laputopu yobwereka inali yakufa kale, ndipo masamba khumi ndi limodzi anapita. Kuyambira tsiku limenelo ankasunga ntchito pa fulashi tsamba likangotha.

Bambo ake, a Phiri, anali kalaliki woyeza mabelo a fodya ku Kanengo, ndipo ankalemba ngati munthu wolipira chilembo chilichonse. Mitengo ya sopo, tsiku loyamba mvula, ngongole ya njinga. Pa 14 Juni 1993 analemba mawu anayi okha: "Nyali. Sindinauze munthu aliyense." Mu Febuluwale 2002: "Cimanga kulibe. Tadya gaga. Tadala walira usiku wonse." Tadala anawerenga mzerewu kawiri, n'kuutaipa momwemo.

Chimene chinkamuchedwetsa chinali "c" ameneyo. Bambo ake anaphunzira sukulu kalembedwe kasanasinthe, ndipo moyo wawo wonse analemba "cifukwa", "caka", "cakudya". Zala za Tadala zinkangoika "h" zokha, ndiye tsamba lililonse ankaliwerenganso mokweza n'kumachotsa ma "h" amene analowerera.

Buku lachisanu ndi chimodzi linalekera pa Meyi 2016, mwezi umene bambowo anadwala sitiroko, dzanja lamanja n'kufa. Tadala anali ku sekondale yogonera komweko. Atabwera pa holide anauzidwa kuti abambo akuphunzira kulemba ndi lamanzere, ndipo aliyense ankawayamikira. Ndiye atatsegula buku lomaliza n'kuona zilembo zikuluzikulu, zotsamira uku ndi uku, zodinda mpaka kuseri kwa pepala, sanadabwe. Linayambira mu Janyuwale 2017.

Anataipa masamba atatu, n'kubwerera kukachotsa ma "h" monga mwa masiku onse. Anachotsa angapo, n'kuyang'ana m'buku. Munalembedwa "chimanga". Anayang'ana mzere wina: "chifukwa". Tsamba lotsatira: "chipatala".

Munthu akasintha dzanja, zilembo zimapotoka, koma kalembedwe ka mawu kamakhala kumutu. Tadala anatenga buku lachiwiri n'kuliika pambali pa lomalizali. Bambo ake ankadula 7 ndi kamzere pakati kuti asafanane ndi 1, monga amachitira aliyense wolemba masikelo. Ma 7 a m'buku lomaliza analibe kamzere. Wolemba ndi lamanzere nthawi zambiri amapaka inki ndi m'mphepete mwa dzanja, poti dzanjalo limadutsa pamene walemba kale. Masambawa anali oyera.

Poyamba mawu anali a bambo ake ndithu, aafupi, a mitengo ndi mvula. Koma chakumapeto kwa 2019 munayamba kulowa zina. "Lero sanadye, angomwa phala." "Afunsa ngati Tadala walemba bwino mayeso." Pa tsamba 41, pansi pa tsiku la 3 Ogasiti 2021, panalembedwa: "Usiku wonse akutsokomola. Ndawatembenuza kanayi. Ine lero" ndipo liwu lomaliza linali lofufutidwa ndi bolopeni mpaka pepala kuboola pang'ono.

Tadala anazimitsa getsi, n'kuunika tsambalo ndi tochi chammbali kuti mikwingwirima ya zilembo ioneke. Anaona "nd" ndi "p". Anataipa madontho atatu.

"Ndatopa."

Mayi ake anali ataima kumbuyo kwake, beseni la mbale lili m'manja, maso ali pa galasi la laputopu.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Pamene waika madonthopo. Ndi 'ndatopa'. Ndinafufuta chifukwa ndinachita manyazi."

Anaika beseni pansi, n'kukhala pa mpando wa a Phiri, umene chimwalirire bambowo panalibe wokhalapo. Tadala anawayang'ana mayi amene ku banki amadinda chala, amene iye ankawawerengera makalata a kumudzi ndi mauthenga a pa foni kuyambira ali sitandade 4.

"Amayi, inu mumalemba?"

"Unandifunsapo?"

Anafotokoza mosakometsera. Lamanzere linakanika. Bambowo anayesa miyezi iwiri, tsiku lina n'kuponya bolopeni kukhoma, osalankhula mpaka madzulo. Mayiwo anayamba kupita ku sukulu ya kwacha ku tchalitchi, Lachiwiri ndi Lachinayi masana, kunyumba akunena kuti akupita ku chigwirizano cha amayi. Miyezi isanu ndi iwiri. Atabwera ndi hadikava yatsopano, bambowo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Nabanda, lemba tsiku kaye, pamwamba kumanja."

"Ankakwiya ndi 'h' wangayo. Ati ndikuwononga inki. Ine ndinati aphunzitsi athu anatero, mukafuna lembani nokha."

Tadala anaseka, misozi ili m'masaya.

"Nanga bwanji osatiuza?"

"Bambo ako anali kalaliki zaka makumi atatu. Anzawo a ku Kanengo akabwera kudzawazonda ankawaonetsa bukuli. Ukanafuna ndinene kuti n'langa?"

"Ku banki nanga?"

"Ndinalembetsa chala kalekale. Kusintha ndi mafomu enanso."

Tadala anabwezera ma "h" amene anachotsa aja, mmodzimmodzi. Atafika pa tsamba 41 anaima, zala zili pa mabatani.

"Ndilembepo, kapena ndisiye madontho? Achimwene adzawerenga pamaso pa anthu."

Mayi ake anatenga buku lija, n'kulitalikitsa pang'ono ndi maso, milomo ikuyenda. Anatembenuza tsamba, n'kutembenuzanso lina.

"Lembapo. Ndipo apa walakwitsa. Si 1,000, ndi 7,000. Mankhwala aja anali odula."