Mabulangete ndi majuzi afika pa Chitakale

Lolemba m'mawa

Mwadzuka bwanji makasitomala athu? Chiperoni chija chabweranso, phiri silikuoneka n'komwe ☔ Ife katundu wa nyengo yozizira tamutsitsa Loweruka madzulo kuchokera ku Limbe, ndipo mitengo yake ili motere:

Bulangete lalikulu, lofunda anthu awiri: K38,000
Bulangete laling'ono, la mwana wa sukulu: K22,000
Juzi ya sukulu, yabuluu kapena yobiriwira: K12,500
Jombo za mphira, saizi 6 mpaka 10: K18,000
Ambulera yaikulu: K7,500
Chipewa cha ulusi cha mwana: K3,500

Mabulangete aakuluwo alipo 14 okha. Ndi olemera ndithu, mudzawanyamule nokha m'manja musanatulutse ndalama.

📍 Pa Chitakale, kuseri kwa siteji ya minibasi za ku Limbuli, shopu ya chitseko chobiriwira
🕖 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Lamulungu sititsegula.

Lachitatu masana

Amayi ndi abambo, belo la majekete tatsegula lero m'ma 10 koloko. Tinene zoona: awa ndi a kaunjika, si atsopano. Koma tawasankha limodzilimodzi. Atatu omwe tawapeza zipi itafa tawapachika paokha pakhomo, mtengo K9,000, ndipo telala ali khomo loyandikana nafe ngati mungafune kuikitsa ina. Ena onsewo ndi K16,000 mpaka K24,000, kutengera kukhuthala kwake.

Muli majekete awiri aatali ofika m'mawondo, osalowa madzi. Abambo a kabaza amene mumalawirira ku Likhubula kusanache, amenewa ndi anu. Bwerani ndi njinga yomweyo, mudzayese mutakhala pachishalo kuti muone ngati manja ake akufika pa chiwongolero.

Zithunzi tatumiza m'munsimu 👇 Tajambulira panja, pa kuwala kwa masana, kuti mtundu wake usakunamizeni. Jekete looneka ngati lakuda pachithunzi chachiwiricho ndi labuluu wodera.

Lachisanu madzulo

Moni nonse. Ambiri mwafunsa funso limodzi lomweli: kodi tingakusungireni bulangete mpaka malipiro atatuluka ku esiteti? Inde, zitheka. Perekani theka, tilembe dzina lanu m'kope, bulangete tiliike pambali kwa masabata awiri. Akatha masabatawo musanabwere, tikuimbirani kaye foni, kenako tilibwezera pa shelefu ndipo ndalama yanu mudzaitenga yonse, osadulako ngakhale K100.

Ngongole yokhayo ayi, mutikhululukire 🙏 Kumene timaodako nafenso salola kunyamula katundu tisanalipire.

Mukhoza kulipira pamanja, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Musanatumize ndalama, yankhani kaye uthenga uno kuti tikutsimikizireni ngati katunduyo akadalipo komanso dzina limene lituluke pafoni panu. Wina akakulemberani pa nambala yachilendo n'kumati ndi ife, tasintha nambala, musatumize kanthu. Nambala yathu ndi yomwe ino, sitinasinthe.

A ku Luchenza, Chonde ndi Chinakanaka, tikhoza kukukwezerani katundu pa minibasi ya m'mawa. Ya thiransipoti mulipira nokha kwa kondakitala polandira, ife tikuuzani nambala ya galimoto ikangonyamuka.

Loweruka m'mawa

Zikomo kwambiri, mwatigula sabata ino. Zotsala ndi izi:

✅ Mabulangete aakulu 3
✅ Jombo saizi 9 ndi 10
✅ Majuzi a sukulu obiriwira, a ana a Sitandade 1 mpaka 4
❌ Maambulera atha, tikuyembekeza ena Lachinayi

Mtsikana wanga amene amandithandiza kulemba pafonipa amafuna kuika tizithunzi ta moto tisanu pamwamba pa uthenga uno, akuti ndiye anthu athamanga. Ndamukaniza. Ndati mabulangete atsala atatu, tingolemba 3, amene akulifuna adziwa yekha chochita.

Agogo amene munasiya ambulera yanu yakale pa benchi Lachinayi, ija ya chigwiriro chomanga ndi mphira, tinakusungirani. Tumani mdzukulu adzatenge.

Pa 6 Julaye, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, tidzatsegula mpaka 12 koloko masana basi. Amene muli ndi katundu wosungitsa ndipo masabata anu akuthera tsiku limenelo, takuwonjezerani tsiku limodzi.

Ngati simukufuna kumalandira mauthenga athu, lembani AYI ndipo tikuchotsani lero lomwe. Pashopu pano mudzalandiridwabe monga kale.