Digiri yalowa m'banja mwathu

Abale ndi alongo, lero ndavala gauni pa yunivesite ya UNZA, pa Great East Road. Ndatenga digiri ya uphunzitsi wa masamu, ndipo kubanja kwathu, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndine woyamba kufika pa yunivesite. Zithunzi muziona, koma muyambe mwamva za anthu amene analipira zimenezi.

Atate, mu 2017 nditasankhidwa kupita ku Giredi 10 kusukulu yogonera konko, munagulitsa ng'ombe zanu ziwiri zolimira. Kwathu ku Katete aliyense amadziwa tanthauzo lake: munda womwe unkatha masiku ochepa ndi pulawo munayamba kuulima ndi khasu, inu ndi amayi, mpaka manja kuchita matuza. Ena ankakusekani kuti mukutaya chuma pa mwana wamkazi woti mawa akwatiwa. Simunawayankhe. Lero akumidzi omwewo andiimbira foni kundiyamikira, ndipo ndawayankha mwaulemu monga munandiphunzitsira.

Amayi, ndikukumbukira mfundo ija ya pakona pa chitenje chanu. Tsiku lotsegulira sukulu likafika munkaimasula ndi mano, n'kuwerenga ndalama za mtedza ndi nyemba kawirikawiri ngati kuti zichulukirapo. Kenaka munkati, "Tenga mwanawe, ife tadya kale." Ndinkadziwa kuti simunadye. Maphunziro aulere anabwera mu 2022, ine nditatsiriza kale Giredi 12 mu 2019, choncho temu iliyonse ya sekondale inatuluka m'thukuta lanu.

Koma amene nkhani yawo sindinainenepo pagulu ndi achimwene anga. Mu 2014 iwo anakhoza Giredi 9, ine ndinakhoza Giredi 7. Ndalama zinali za mwana mmodzi. Usiku umene makolo ndi amalume anakhala pansi kuti akambirane, achimwene sanadikire kufunsidwa. Anangoti, "Apite uyu, mutu wake ndi wakuthwa kuposa wanga." Linali bodza, chifukwa masamu amene ndatengera digiriwa anandiyambitsa ndi iwowo, akulemba ndi kamtengo pansi pabwalo. Chaka chotsatira anakwera basi kubwera kuno ku Lusaka, nayamba kukankha wilibala kumsika wa Soweto, kunyamula matumba a mbatata ndi makabichi kuyambira mbandakucha. Nditalowa yunivesite mu 2021, ngongole ya boma ya ophunzira inalipira gawo lalikulu, koma chotsalacho, ndi mabuku, ndi mabandulo a pa foni ophunzirira nthawi ya korona, zinkachokera pa wilibala ija. Mwezi ukatha ndinkangomva foni kulira, kauthenga ka ndalama kalowa, nthawi zina K150, nthawi zina K80, opanda mawu ena alionse. Anazengereza ngakhale kukwatira. Achimwene, pepala ili lalembedwa dzina langa chifukwa sakanalemba maina awiri. Mawa ndikubweretserani gauni muivale, tijambulitse.

Azakhali anga a ku Kalingalinga, munandisunga zaka zonsezi m'zipinda ziwiri momwe munali kale ana anayi. Malo ogona pasukulu sindinapeze, ndiye ndinkayenda pansi m'mawa uliwonse, m'chikwama muli zitumbuwa ziwiri zochotsa pa zamalonda anu. Mu 2024, chilala chija chitaotcha chimanga chonse kumudzi, kunalibe choti atate agulitse, ndipo ndinatsala pang'ono kulephera kulemba mayeso chifukwa cha ndalama zotsalira. Munapempha anzanu a chilimba kuti mulandire ndinu mwezi umenewo, pamene nthawi yanu inali isanakwane, n'kundipatsa zonse. Denga limene munkafuna kukonza likudonthabe mpaka lero. Amayi a chilimba aja, ena sindikudziwani nkhope, koma zikomo kwambiri.

Amalume, mbuzi ija sindinaiwale. Ambuya, mapemphero anu afika. Inu mumaganiza kuti ndaphunzira udokotala, ndipo ndatopa kukukonzani, tingozisiya choncho.

Ntchito sindinaipeze, ndipo ngongole ya boma ikundidikira kuti ndiyambe kubweza. Pakadali pano ndikuphunzitsa ana masamu madzulo, ndiye amene muli ndi ana a Giredi 12 omwe masamu akuwazunguza mutu, ndilembereni. Koma ndikunena pano kuti mukhale mboni: ndikangolembedwa ntchito, choyamba ndi malata a azakhali, kenaka ng'ombe zibwerere m'khola la atate. Achimwene ndawauza kale kuti alembetse mayeso a GCE, mphunzitsi ali naye waulere. Akuti akalamba, koma nkhaniyo sitinamalize.

Loweruka masana tidzakhala kwa azakhali ku Kalingalinga. Amayi abwera ndi nkhuku zakumudzi ndi ufa woyera, ndipo thobwa aphika kale. Bwerani tidye nsima, koma mudzanyamule mipando yanu chifukwa yathu ndi yochepa.