Kalata yosiyira ntchito: mawaya ndi katchunidwe ka loboti yotsata mzere

Achemwali,

Loboti ili m'kabati ya m'labu, pamodzi ndi chaja ndi fulashi yomwe muli pulogalamu. Pempho langa lalikulu ndi ili: ikayamba kuphonya mzere, musathamangire kusintha manambala. Yambani mwaona batire, masensa ndi kuwala kwa m'chipinda.

Mphamvu imachokera ku mabatire awiri a 18650 olumikizidwa motsatana, omwe akadzadza amapereka mavolti 8.4. Waya wofiira umadutsa pa swichi n'kukalowa pa `12V` ya L298N, kabodi koyendetsa mamota, wakuda pa `GND`. Arduino Uno imalandira mphamvu kuchokera pa `5V` ya L298N, choncho kajampa ka pamenepo kasachotsedwe, koma muzizula waya ameneyu mukamalowetsa pulogalamu kudzera pa USB. `GND` ya Arduino ndi ya L298N zikhale zolumikizana nthawi zonse, apo ayi mamota amangochita zawo.

`ENA` ili pa pini 5 ndipo imayang'anira liwiro la mota ya kumanzere, `ENB` ili pa 6. `IN1` mpaka `IN4` ali pa 7, 8, 9 ndi 10. Tayala likazungulira chobwerera m'mbuyo, ingosinthanitsani mawaya awiri a motayo.

Masensa asanu a TCRT5000 ali pa `A0` mpaka `A4`, kuyambira kumanzere. Amawalitsa kuwala kosaoneka ndi maso n'kuyeza komwe kwabwerera. Tepi yakuda imameza kuwalako. Pa Serial Monitor, poyera timaona pafupifupi 100, pa tepi kupitirira 700. Akhale mamilimita 3 kuchokera pansi. Dzuwa limawasokoneza, ndiye masana muzitseka makatani, ndipo fumbi la Lilongwe la mu Seputembala ndi Okutobala limafuna kuti muziwapukuta musanayese.

Nayi mbali ya pulogalamu yomwe imawongolera loboti pa mzere:

```
error = position - 2000;
pd = Kp * error + Kd * (error - lastError);
left = BASE + pd;
right = BASE - pd;
lastError = error;
```

`position` imayenda kuchokera pa 0 kufika 4000, ndipo 2000 ndiye kuti mzere uli pakati. Ndasiya `BASE` pa 120, `Kp` pa 0.05, `Kd` pa 0.6. Mukafuna kutchuna mwatsopano, ikani `Kd` pa 0, kwezani `Kp` pang'onopang'ono mpaka loboti iyambe kugwedezeka uku ndi uku, kenaka kwezani `Kd` mpaka kugwedezekako kuthe. Liwiro, lomwe ndi `BASE`, likwezedwe pomaliza. Muzisintha nambala imodzi pa nthawi ndi kulemba m'kope zomwe zachitika. Ana a Fomu 1 amakonda kusintha zonse nthawi imodzi. Alezereni mtima, koma kope lisasiyidwe.

Manambalawa ndinawapeza batire ili pamwamba pa mavolti 8. Ikatsika kufika 7.4 loboti imafooka pa makona, ndiye muzitchaja dzulo lake la mpikisano, poti magetsi angathe kuthima m'mawa. Isatsike kupyola mavolti 6, mabatire amawonongeka.

Chomwe chatsala ndi tayala la kumanja, lomwe layamba kugwedera pa mota. Kiyi wa kabati ali ndi aphunzitsi a Fizikisi.

Ndine mchimwene wanu,
Mtsogoleri wotuluka wa kalabu