Kalata yopempha kuti pepala la mayeso a kakyulasi lichongedwenso

Eriya 25
Lilongwe
17 Febuluwale 2025

Kwa a Dokotala Nyirenda
Dipatimenti ya Masamu

Olemekezeka a Dokotala,

PEMPHO LOTI MUCHONGENSO FUNSO 4(a) PA MAYESO A KAKYULASI WOYAMBA

Ine ndine Tadala Mbewe, wa chaka choyamba, mmodzi mwa ophunzira anu a kakyulasi semesita yathayi. Ndalemba kalatayi kupempha kuti muonenso pepala langa la mayeso otsiriza, makamaka funso 4(a) la intigireshoni. Funsoli linali la malikisi 6 ndipo ndinapatsidwa 0, koma ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti yankho langa ndi lolondola.

Lachinayi lapitali, pomwe dipatimenti inatilola kuona mapepala athu, ndinapeza kuti pa funsoli pali mtanda wa inki yofiira. Mzere wanga wotsiriza unazunguliridwa, ndipo m'mphepete munalembedwa −¼ cos 2x + C, lomwe ndikuganiza kuti ndilo yankho lili pa pepala lochongera. Pa mizere ya pakati panalibe chizindikiro chilichonse, kaya chovomereza kaya chokana.

Funso linati tipeze ∫ sin x cos x dx, ndipo silinatchule njira yoti titsate. Ine ndinagwiritsa ntchito sabusitichushoni, ndipo ndinalemba motere:

u = sin x
du = cos x dx
∫ u du = ½ u² + C
∫ sin x cos x dx = ½ sin² x + C

Yankho lolembedwa m'mphepete lija limabwera munthu akayamba ndi sin x cos x = ½ sin 2x kenako n'kuchita intigireshoni. Njira imeneyo ndi yabwino ndithu, sindikuitsutsa ayi. Chomwe ndikunena n'chakuti mayankho awiriwa ndi yankho limodzi, angosiyana maonekedwe. Tikudziwa kuti cos 2x = 1 − 2 sin² x. Tikalowetsa zimenezi m'yankho la pa pepala lochongera, tipeza

−¼ cos 2x = −¼ (1 − 2 sin² x) = ½ sin² x − ¼

Ndiye kuti langa ndi lanulo zikusiyana ndi ¼ basi, nambala yosasintha, ndipo nambala yotere imalowa mu C. Ndinayesanso ndi manambala kuti nditsimikize. Pomwe x = 0, langa likupereka 0, linalo −¼. Pomwe x = π/6, langa ⅛, linalo −⅛. Pomwe x = π/2, langa ½, linalo ¼. Paliponse mpata ndi womwewo wa ¼. Munthu akajambula magirafu awiriwa aona mzere umodzi womwewo, wina wangokwezedwa pang'ono pamwamba pa unzake, ndipo kutsetsereka kwake pa x iliyonse n'kofanana.

Inu nomwe, a Dokotala, munatiuza m'kalasi kuti tikakayika yankho la intigireshoni tisamadikire munthu wotiuza, tizilibweza ndi difarenshiyeshoni. Ndachita zomwezo:

d/dx (½ sin² x + C) = ½ · 2 sin x · cos x = sin x cos x

Labwerera ndendende pa zomwe zinali m'funso. Kwa ine umboni waukulu ndi umenewu, chifukwa tanthauzo lenileni la yankho la funso lotere n'lakuti ukalibweza likupatse chomwe unayamba nacho. C ija sindinaiiwale, ilipo pa mzere wotsiriza, mkati mwa mzere wofiira womwe unazungulira yankholo.

Palinso china pa pepala lomwelo chomwe ndikupempha kuti muchione. Funso 4(b) linati tigwiritse ntchito yankho la 4(a) kupeza intigiralo yomweyo kuchokera pa 0 kufika pa π/2. Ndinatenga ½ sin² x wanga uja n'kupeza ½ − 0 = ½, ndipo ndinapatsidwa malikisi onse 4. Yankho la pa pepala lochongera nalo likupereka ¼ − (−¼) = ½. Choncho pa tsamba limodzi lomwelo, ½ sin² x wakanidwa pamwamba n'kuvomerezedwa pansi.

Sindikuloza chala munthu aliyense. Kalasi yathu ndi yaikulu, mapepala anali mulu, ndipo nthawi yoti zotsatira zituluke inali yochepa. Munthu amene wakhala akuona cos 2x pepala ndi pepala, maso ake akagwera pa sin² x n'zosavuta kuti aone ngati wophunzira wasochera. Sindikudziwanso ngati funsoli munachonga ndinu kapena okuthandizani. Mafunso ena onse ndawaona ndipo malikisi ake ndikuwavomera monga alili. Pempho langa lili pa 4(a) pokha.

Malikisi 6 angaoneke ochepa, koma kwa ine ndi amene akulekanitsa kukhoza ndi kulephera. Pepalali linali la malikisi 100 ndipo ndinapeza 44. Kuphatikiza ndi ntchito za mkati mwa semesita, zotsatira zanga zonse zaima pa 47, pomwe mlingo wokhozera ndi 50. Mayeso otsiriza amatenga magawo 60 pa 100 a zotsatira zonse, ndiye malikisi 6 amenewa akabwezedwa awonjezera 3.6, ndipo ndidutsa pa 50. Zikakhala momwe zililimu, dzina langa likhala pa mndandanda wa olemba sapu, komanso kulembetsa kwanga kakyulasi wachiwiri kuimitsidwa mpaka nkhani ya woyambayu itatha. Amene amandilipirira fizi ndi amalume anga, omwe amagulitsa zitsulo za njinga mumsika wa Lilongwe, ndipo semesita iliyonse amafuna kuona zotsatira asanatulutse ndalama. Ndikanakhala kuti funsoli ndinalakwa, ndikanapita kukawauza chilungamo n'kuyamba kukonzekera sapu. Chondiwawa n'chakuti ndikawauze kuti ndalephera pa funso lomwe ndinakhoza.

Ndikupemphanso, ngati n'kotheka, kuti muone momwe funsoli linachongedwera m'mapepala a anzanga. Pali njira yachitatu: wotenga u = cos x amapeza −½ cos² x + C, lomwenso ndi lolondola pakuti sin² x + cos² x = 1. Sabusitichushoni ndi yomwe tinaiphunzira kwambiri semesita yathayi, choncho sizingatheke kuti ndine ndekha amene ndinadzera njira imeneyi. Ena sanabwere kudzaona mapepala awo Lachinayi lija chifukwa anali asanabwerere kuchokera kumudzi.

Ndaphatikiza pa kalatayi tsamba limodzi pomwe ndalemba njira zitatu zonsezi mwatsatanetsatane, mbali ndi mbali. Pepala lenileni la mayeso lili ku ofesi ya dipatimenti, ndipo funso 4 lili pa tsamba lachisanu la kabuku koyankhiramo. Ngati malamulo akufuna kuti pempholi lidzere kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi ya kaundula, kapena kuti ndilembe fomu ndi kulipira ndalama yochongetsanso, chonde ndiuzeni, ndichita zonsezo msanga. Ndayamba ndi inu chifukwa phunziroli ndi lanu ndipo masamuwa mungawaone m'mphindi zochepa chabe.

Mndandanda wa olemba sapu utuluka pa 28 Febuluwale, choncho ndingathokoze kwambiri nkhaniyi itaonedwa tsikulo lisanafike. Ndili mu Lilongwe muno sabata yonseyi, ndipo mukafuna kuti ndibwere ku ofesi kwanu kudzalongosola pamaso kapena kudzalemba pa bolodi, ndibwera nthawi iliyonse yomwe mungandiuze.

Ine wophunzira wanu,

Tadala Mbewe
Chaka choyamba, Kakyulasi Woyamba