Kalata ya m'dilowa

Akuluakulu a zamaphunziro, makolo, aphunzitsi anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Ndauzidwa kuti ndili ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, choncho ndikufotokozerani za sabata imodzi yokha.

Linali Lolemba m'mawa, kutatsala miyezi itatu kuti ana a kalasi yomaliza alembe mayeso. Ndinali ndisanakhale n'komwe pampando pomwe mphunzitsi wathu wa masamu anagogoda, n'kuika envelopu patebulo langa. Ndinadziwa zomwe zinali m'katimo ndisanatsegule: kalata yosiya ntchito. Anali mtsikana wa zaka 26, chaka chake chachitatu pantchito, ndipo pasukulu yonse ya sekondale ija wophunzitsa masamu anali iye yekha. Makalasi anayi, ana 370.

Ndinamupempha chinthu chimodzi. Ndinati, "Aphunzitsi, kalatayi sindikuikana. Koma ndiloleni ndiisunge m'dilowa mpaka Lachisanu." Anangogwedeza mutu n'kutuluka, chifukwa belu linali litalira.

Tsiku lomwelo ndinaimba foni ku ofesi yomwe imatitumizira aphunzitsi. Bambo amene anandiyankha anali waulemu ndithu. Anati sukulu zomwe zikudikira mphunzitsi wa masamu ndi zambiri, ndipo yathu ikhala pamzere mpaka chaka cha mawa. Sindinawakwiyire. Munthu sangakupatse chomwe alibe.

Lachiwiri ndinachita zomwe ndinayenera kuchita kalekale: ndinakakhala kumbuyo kwa kalasi yake. Ndinawerenga mitu 94. Anaphunzitsa bwino, bwino kwambiri, koma mawu ake ankathera pamzere wachisanu. Kumbuyo komwe ndinakhalako ana ankakopera za anzawo, anzawowo akukoperanso za ena. Ndili pomwepo ndinayamba kuwerengera papepala. Akapereka ntchito imodzi yokha kwa ana onse 370, n'kumatha mphindi ziwiri pa kope lililonse, ndiye kuti mphindi 740. Amenewo ndi maola oposa 12, kuchonga kokha, asanakonzekere phunziro la mawa, asanagone.

Madzulo ake ndinamufunsa ngati nkhani ndi malipiro. Anati malipiro ndi ochepadi, ndipo asandinamize kuti sizimupweteka. Koma chomwe chinamulembetsa kalata chinali china. Mtsikana wina wa kalasi yomaliza, wanzeru pa masamu, anali atajomba milungu itatu, iye osazindikira. Anamva kwa ana anzake. Anandiuza kuti, "Ahedi, ndinabwera kudzaphunzitsa ana. Pano sindikudziwa n'komwe amene alipo ndi amene palibe." Atatero analira, ndipo ine ndinasowa chonena.

Ndiime pang'ono apa, chifukwa nkhaniyi si ya sukulu yathu yokha. Mu 2015 maiko a dziko lapansi analonjezana kuti pofika 2030 mwana aliyense azidzaphunzira pulayimale ndi sekondale. Mu 2024 bungwe la UNESCO linawerengera kuti lonjezolo litheke pakufunika aphunzitsi ena 44 miliyoni. Tikamva nambala yotere timathamangira kunena kuti tilembe ambiri, timange makoleji ambiri. Zimenezo n'zoona. Koma oposa theka la aphunzitsi amenewa akufunika pongofuna kulowa m'malo mwa amene akuchoka. Mu 2015, mwa aphunzitsi 100 aliwonse a pulayimale, pafupifupi asanu ankasiya ntchito pachaka. Pofika 2022 anali atafika asanu ndi anayi. Ndipo vutoli likugwira maiko olemera ndi osauka omwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ine ndinali kuimba mafoni kufunafuna wapachala, wapamphuno akundithawa ndikuona.

Lachitatu ndinatenga ndandanda ya maphunziro n'kuiyang'ana ngati mlendo. Apa ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. Kuwonjezera pa masamu, mphunzitsiyu ndinali nditamupatsa zamasewera, kaundula wa kalasi, ndi kuyang'anira ana pophunzira madzulo. Chifukwa chiyani? Chifukwa anali wamng'ono ndipo sankakana. Aphunzitsi akale amadziwa kukana. Katundu yense amene ena anamukana ndinkamutula pamutu pa munthu yemwe sanathe kundiyankha.

Ndinaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi onse. Sunayende bwino. Nditapempha kuti tigawane ntchito yake, m'chipindamo munangoti zii. Kenaka bambo wina amene waphunzitsa zaka zoposa 20 anaimirira n'kunena kuti, "Ahedi, ife tonse tatopa. Kodi nafenso tilembe makalata kuti mutione?" Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ankanena zoona. Tinabalalika osagwirizana kanthu. Usiku umenewo sindinagone. Ndinkaona ana 370 akulowa m'kalasi Lolemba lotsatira, bolodi lili loyera.

Lachinayi m'mawa ndinasiya kupempha ena, n'kuyamba ndi ine mwini. Ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi osagwira choko. Ndinalemba dzina langa pa masamu a kalasi yoyamba, n'kukhoma ndandandayo pakhoma popanda kunena kanthu. Nthawi yopuma isanathe, bambo aja amene anandidzudzula dzulo lake anatenga cholembera n'kulemba dzina lawo pa kuyang'anira ana madzulo. Mphunzitsi wa sayansi anatenga zamasewera. Masana wapampando wa komiti ya makolo ananditengera kwa mayi wina wopuma pantchito amene anaphunzitsapo masamu, ndipo anavomera kumabwera kawiri pasabata kudzathandiza kuchonga ndi kukhala ndi ana otsalira m'mbuyo.

Zonsezi sizinawonjezere malipiro a munthu aliyense. Ndinkadziwa kuti mwina tachedwa.

Lachisanu belu loyamba linalira mphunzitsi wathu wa masamu uja asanafike. Belu lachiwiri linalira. Ndinatsegula dilowa n'kutulutsa envelopu ija, ndipo ndinali nditagwira kale cholembera choti ndisainire. Ndiye ndinamuona pazenera akulowa pageti, ali ndi mwana wa sukulu pambali pake. Anali mtsikana wojomba uja. Anachedwa chifukwa anayamba wapita kunyumba kwa mwanayo kukalankhula ndi makolo ake.

Analowa mu ofesi, n'kuyang'ana envelopu ili m'manja mwanga. Anati, "Musaing'ambe, ahedi. Isungeni. Ndikhala mpaka mayeso, kenaka tidzaona ngati zomwe zili pakhomazo n'zenizeni."

Ndisakunamizeni kuti zonse zinatha bwino. Chaka chomwecho mphunzitsi wathu wa Chingerezi anachoka, ndipo sitinathe kumuletsa. Ndiye pempho langa kwa inu akuluakulu ndi ili: titumizireni aphunzitsi atsopano, inde, ndipo alipireni moti azitha kukhala ndi mabanja awo. Koma mukamatifunsa kuti tikusowa angati, muzitifunsanso kuti chaka chino achoka angati, ndipo achokeranji. Mphunzitsi aliyense woyamba kumene akhale ndi mnzake wamkulu womuyendera m'kalasi, ndipo asapatsidwe katundu woposa wa anzake chifukwa chakuti sakana. Ahedi anzanga, chomalizachi sichidikira bajeti. Chili m'manja mwathu Lolemba likubwerali.

Mtsikana wojomba uja analemba mayeso ndipo anakhoza masamu. Mphunzitsi wake adakali nafe, tsopano ndi chaka chake chachisanu ndi chiwiri, ndipo ndi iye amene amayendera aphunzitsi atsopano m'makalasi mwawo. Nditamuuza kuti ndikubwera kuno ndinamupempha chilolezo chofotokoza nkhaniyi, ndipo anavomera, koma anati ndibwere nayo kalatayo kuti muione. Nayi. Madzulo ano ndikaibwezera m'dilowa, monga anandipempha.

Zikomo.