Jenala yokonza peyimenti ya jenereta, JV 0147, ikudikira siginecha yanu

Mayi Phiri, mwaswera bwanji. Pepani ndakulemberani zazitali, ndaona kuti ndi bwino zonse zikhale pamalo amodzi kuti mukamasayina musachite kundifunsa chimodzichimodzi, komanso uthenga womwewu ndiupirinta ndiumate kumbuyo kwa vawucha kuti maodita akadzabwera adzapeze nkhani yonse pompo.

Nkhani yake ndi ya mafuta a Sepitembala ija munafunsa Lolemba pa miting'i, kuti zatheka bwanji dizilo afike K3,340,000 pomwe miyezi yonseyi timasewera cha m'ma 2 miliyoni. Ndaipeza dzulo madzulo. Mafuta sanakwere ayi, ndine ndinaposita peyimenti ya sapulaya ku akaunti yolakwika. Ndi ija ya pa 17 Sepitembala 2024, ya anyamata a ku Biwi amene anabwera kudzapanga sevisi jenereta yaikulu ya kuweyahausi kuno ku Kanengo, vawucha yake ndi PV 0932, ndalama zonse K1,398,000 ndipo tinalipira pa banki. Imayenera kupita ku 6210, akaunti ya zokonzetsa makina, koma ine ndinaiponya ku 6120, ya mafuta. Makodi awiriwa manambala ake ndi omwewo angosinthana malo, ndiye kuwonjezera apo mzere woyamba pa invoisi yawo unali wa oyilo, maso atangoona oyilo mutu unathamangira ku mafuta basi. Linali tsiku lomwe lija ndinkaposita mavawucha oposa 30 nthawi imodzi netiweki itavuta m'mawa wonse, koma sindikunena izi kuti ndizembe, kulakwitsa ndi kwanga ndipo ndimayenera kuwerenga invoisi mpaka pansi.

Mmene ndinaipezera, ndinatulutsa leja ya 6120 ya mwezi wonse n'kuyamba kufananiza mzere uliwonse ndi malisiti a pa filing'i siteshoni komanso ma logibuku a madalaivala. Yonse imagwirizana, ya K180,000, ya K240,000, choncho, kenako pakati penipeni pali K1,200,000 yosalala bwino yopanda lisiti ya pampu ngakhale imodzi. Palibe galimoto yathu imene ingamwe dizilo wa ndalama zimenezo tsiku limodzi. Nditakatenga fayilo ya mavawucha ndinaipeza invoisi ili ndi chidindo cha chala chakuda cha girisi pakona, ndipo pamwamba ndinalemba ndekha ndi bolopeni yofiira 6120.

Zomwe zinalowa mu sisitimu tsiku limenelo ndi izi:

```
17/09/2024  PV 0932
Dr 6120 Fuel & Lubricants   1,200,000.00
Dr 1410 VAT Input             198,000.00
    Cr 1010 Bank - Current      1,398,000.00
```

Mukaona bwino mizere iwiri yapansiyo ilibe vuto. Banki inatulukadi K1,398,000, sitetimenti ikuonetsa choncho ndipo sapulaya analandira zake zonse, sitili naye ngongole ndipo iyenso alibe yathu. VAT ya 16.5% pa K1,200,000 ndi K198,000 ndendende, inapita koyenera. Cholakwika ndi mzere woyamba wokha. N'chifukwa chakenso palibe chinalira potseka mwezi, debiti ndi kirediti zinali zofanana, thirayo balansi inabalansa, rikonsilieshoni ya banki inatuluka bwinobwino mpaka munasayina. Kulakwitsa kwa mtundu umenewu sisitimu siingakugwire, ndalama ndi yolondola, mbali ndi yolondola, yangolowa nyumba ya eni ake, ndipo phindu la mwezi silisintha olo tambala chifukwa maakaunti onse awiri ndi a ndalama zotuluka. Anagwira ndinu poona kuti nambala ya mafuta siikumveka.

Jenala imene ndakonza, ili pa dirafuti sindinaiposite, ndi iyi:

```
JV 0147   09/10/2024
Dr 6210 Repairs & Maintenance - Equipment  1,200,000.00
    Cr 6120 Fuel & Lubricants                  1,200,000.00
Ref: PV 0932, 17/09/2024
```

Pa bokosi la kufotokoza ndalemba kuti tikusamutsa ndalama ya sevisi ya jenereta ya kuweyahausi yomwe inapositidwa molakwika ku mafuta pa PV 0932, kupita ku zokonzetsa makina, ndipo banki ndi VAT sizikukhudzidwa.

Chonde muonetsetse nambalayo, ndi K1,200,000 osati K1,398,000. Poyamba dzulo ndinalemba yonse chifukwa ndi imene ili pa vawucha ndi zilembo zikuluzikulu, ndiye nditawerengera ndinaona kuti ku 6120 kukanachoka ndalama yoposa imene inalowako, mafuta akanaoneka ochepa ndi K198,000 ndipo zokonzetsa zikanafufuma ndi ndalama yomweyo, tikanakhala kuti takonza vuto limodzi n'kubala lina. Timasamutsa zokhazo zimene zinalowa ku akaunti yolakwikayo basi.

Mnzanga Chikondi amati bwanji osangotsegula PV 0932 n'kusintha kodi, ndi masekondi angati. Ndakana, ndipo ndikukhulupirira inunso mukana. Sepitembala tinatseka kale pa 4, lipoti linapita kwa abwana aakulu, ndiye tikakasintha mwakachetechete ndiye kuti pepala lomwe ali nalo iwo ndi zomwe zili mu sisitimu zisiyana popanda chofotokoza, tsiku lina munthu adzatulutsa lipoti lomwelo adzapeza manambala ena n'kuyamba kukayika zonse. Komanso peyimenti imeneyi inachongedwa kale pa rikonsilieshoni, kuigwiragwira kapena kuifufuta kukhoza kusokoneza banki yomwe ilibe mlandu. Ine ndikufuna cholakwikacho chizioneka pomwe chili, chokonza chake chizioneka pambali pake, ndi dzina la wokonza ndi la wovomereza. Njira ina inali yobweza entire yonse mizere itatu kenako n'kuiposita kachiwiri molondola, mapeto ake ndi omwewo, koma ikanaika mizere iwiri yowonjezera pa leja ya banki, yolowa ndi yotuluka, yomwe pa sitetimenti kulibe, ndipo ikanagwedezanso akaunti ya VAT pomwe ritani ya Sepitembala ikuyenera kupita ku MRA pofika pa 25 Okutobala. Sindinaone chifukwa chogwedezera zinthu ziwiri zabwinobwino pofuna kukonza chimodzi.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna mugamule ndinu musanasayine.

Choyamba ndi deti. Ndaika 9 Okutobala chifukwa Sepitembala ndi wokhoma ndipo kiyi wake muli naye ndinu. Kuipa kwake n'koti lipoti la Okutobala lidzaoneka lachilendo, mafuta adzaoneka otsika ndi K1,200,000 ndipo zokonzetsa zidzaoneka zokwera ndi yomweyo, pomwe Sepitembala adzakhalabe akuonetsa K3,340,000 m'malo mwa K2,140,000 yeniyeni. Kuphatikiza chaka chonse manambala adzakhala olondola, poti zonse zili m'chaka chimodzi cha mabuku, koma aliyense woyang'ana mwezi ndi mwezi adzadabwa, ndiye ndidzaika kanoti pansi pa lipoti la Okutobala. Ngati mukuona kuti ndi bwino mutsegule Sepitembala tiike deti la 30 kenako titumizenso lipoti lokonzedwa, ndichita choncho, kungoti ine maganizo anga ndi oti mwezi wotseka ukhale wotseka.

Chachiwiri ndi oyilo uja. Invoisi yawo VAT isanalowe ili motere, oyilo wa injini K260,000, mafyuluta K310,000, lamba wa fani K95,000, batire K285,000, ntchito ya manja K250,000, zonse pamodzi K1,200,000. Munthu akhoza kunena kuti oyilo asiyidwe ku 6120 poti dzina la akauntiyo likutchulanso zoterezi, zikatero jenala ikhala ya K940,000. Ndinabwerera kukaona mmene tinachitira pa sevisi ya mwezi wa Malichi, invoisi yonse ndi oyilo yemwe inapita ku 6210, ndipo bajeti ya 6120 tinaipanga poganizira magalimoto ndi dizilo wa jenereta, osati sevisi. Ndiye ndatsata zomwezo kuti tikamafananiza sevisi ndi sevisi tizifananiza zinthu zofanana. Ndinadzifunsanso ngati batire singapite ku katundu wokhalitsa, koma ayi, yangolowa m'malo mwa yakufa, jenereta ndi yomweyo sinawonjezeke mphamvu, ndi kukonza basi.

Za msonkho wodula polipira musadandaule, sapulayayu ali ndi setifiketi yoti tisamudule ndipo inali isanathe ntchito pa 17 Sepitembala, kope yake ili mufayilo, ndiye kusamutsa akaunti sikukusintha kalikonse kumeneko. Ndaonanso ma peyimenti ena onse omwe ndinaposita tsiku limenelo, ndi onse a sapulaya yemweyu kuyambira Januwale, wina wolakwika sindinampeze.

Tikaposita, 6210 idutsa bajeti yake ya kotala ino, musadzadabwe, ndi ndalama yomwe inayenera kuonekera kumeneko kalekale. Jenereta ija yagwira ntchito kwambiri miyezi imeneyi ndipo mwina pokonza bajeti ya chaka chamawa sevisi tiziiwerengera katatu osati kawiri.

Chomwe chikundipweteka kwambiri pa nkhani yonseyi ndi a Gondwe a ku thiransipoti. Lolemba atatuluka mu miting'i anaitanitsa madalaivala onse atatu ndi ma logibuku awo, ndinawaona pa khonde paja atayala mabukuwo pa benchi akuwerengetsa makilomita ndi foni, ndipo mmodzi wa anyamatawo anafunsidwa mafunso oti munthu sagona nawo tulo, pa mafuta omwe sanawagwire n'komwe. Ndawauza kale a Gondwe pamaso m'mawa uno ndipo ndapepesa, koma ndikupempha kuti jenala ikadutsa mulembe kauthenga kochokera kwa inu kupita kwa iwo ndi abwana aakulu konena kuti mafuta a Sepitembala anali K2,140,000 ndipo ku thiransipoti kunalibe vuto. Zikachokera kwa inu zimveka kusiyana ndi kwa ine.

Kumbali yanga kuyambira pano kodi ndizilemba pa vawucha pamodzi ndi dzina la akaunti, osati manambala okha, ndipo ndisanakupatsireni mabuku otseka mwezi ndiziyamba ndatsegula leja ya akaunti iliyonse yomwe yadumpha kwambiri kusiyana ndi mwezi wathawo. Ngati n'zotheka tidzakambiranenso zosintha imodzi mwa makodi awiriwa chaka chikamayamba, 6120 ndi 6210 zikufanana mopitirira.

Fayilo ndaisiya pa desiki panu mu foda yobiriwira, muli JV 0147 yoti musayine, kope ya PV 0932, invoisi, umboni wa ku banki, setifiketi ya msonkho ija ndi leja ya 6120 pomwe mzerewo ndaupaka chikasu. Ndikanakonda tiposite pofika Lachisanu pa 11, sabata yamawa Lachiwiri ndi holide ya Tsiku la Anakubala ndipo tikabwerako ndikhala ndili pa VAT. Mukasayina mundiuze, ndiposita kenako nditulutsa maleja onse awiri ndikubweretsereni muone mabalansi atsopano.

Zikomo kwambiri,
Kondwani, ku maakaunti
9 Okutobala 2024